Kalozeredwe ka nyumba mu Lusaka pamene msewu ulibe dzina

Azakhali anga atabwera koyamba kuchokera ku Katete, ndinawatumizira uthenga wa mizere iwiri: "Mukatsike pa msika wa Mtendere, mukalowe kumanzere pa kantemba kobiriwira, nyumba yachitatu." Iwo anatsikadi pa msika, ndi thumba la nyemba pamutu, nayenda pafupifupi ola lathunthu. Kantembako mwini wake anali atakapaka utoto wachikasu wa kampani ya mafoni sabata yomweyo, ndipo kumanzere kwanga kunali kumanja kwawo, chifukwa ine ndinkalemba ndikuona njirayo m'maganizo monga munthu wochokera kunyumba, pamene iwo ankachokera ku basi. Cholakwa chinali changa. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba kalozera wa nyumba mosamala ngati mmene ndimalembera nambala ya foni, ndipo zimene ndaphunzira ndi zimene ndikuyala pano.

Tiyambe ndi chifukwa chake tilibe maadiresi, poti chimathandiza kudziwa nambala yoti muikhulupirire ndi yoti muisiye.

Adiresi ya msewu imafuna zinthu zitatu pamodzi: msewu wokhala ndi dzina limodzi, chikwangwani choonetsa dzinalo, ndi manambala a nyumba otsatizana, kuti ukaona 14 udziwe kuti 16 ili patsogolo. Pamafunikanso ofesi yosunga kaundula ndi kuwonjezera nyumba iliyonse yatsopano. Mbali ina ya Lusaka inamangidwa motero. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone, ndipo mapulani ake, amene Stanley Adshead anayamba kujambula mu 1931, anali a tauni yaing'ono ya maofesi a boma ndi nyumba za azungu. Kumeneko misewu inayamba kujambulidwa papepala, nyumba n'kubwera pambuyo. Munthu wakuda ankaonedwa ngati wantchito wongodutsa, woti bwana wake amupezere pogona. Choncho eni mafamu, eni migodi ya miyala ndi makontirakitala ankalola antchito kumanga pa malo awo, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera makomboni. Maina ena amanenabe mbiriyo: George, John Howard, John Laing. Ufulu utabwera mu 1964 malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, anthu anakhamukira kuno, ndipo makomboni anakula nyumba ndi nyumba. Kumeneku nyumba ndiyo inayamba, njira n'kukhala mpata umene watsala pakati pa makoma. Njira yotere imapinda, imagawikana, pena imathera pa chimbudzi cha munthu. Kuipatsa dzina ndi manambala otsatizana si ntchito yapafupi.

Mu 1974 boma linaika lamulo lovomereza makomboni ena kukhala malo oti atukulidwe, ndipo eni nyumba anayamba kulandira chiphaso chokhalira pamalo cha zaka 30. Manambala onga 45/12 amene mumaona pa zitseko ndi a kaundula wa mtundu umenewo: gawo lakutilakuti, nyumba yakutiyakuti. Ndi nambala yeniyeni, ndipo pa fomu ya kubanki kapena ya kukiliniki muyenera kuilemba. Koma mlendo siimuyendetsa, chifukwa palibe chikwangwani chonena pamene gawo 45 layambira, ndipo kuseri kwa nyumba 12 alandilodi anamanga zipinda zisanu za lendi zogwiritsa nambala yomweyo. Kumayadi nako nambala ya puloti imanama chimodzimodzi. Imaperekedwa potsata nthawi imene malowo anayezedwa ndi kulembedwa, osati potsata pamene ali pa msewu, motero puloti yoyandikana ndi yanu ikhoza kusiyana nanu ndi manambala mazana ambiri. Madera atsopano ngati Chalala ali ndi nyumba zazikulu za mipanda ya njerwa, koma misewu yambiri yam'kati ilibe chikwangwani. Onjezani apa kuti makalata kuno sankabwera pakhomo. Ankathera m'bokosi la ku positi ofesi, ndipo magetsi masiku ano timagula mayunitsi pafoni. Kwa zaka zambiri panalibe amene ankakakamizika kupeza chitseko chanu tsiku ndi tsiku. Bungwe la boma la ZICTA, loyang'anira za mafoni ndi makalata, lili ndi ntchito yoika maina a misewu ndi manambala a nyumba, ndipo m'madera ena zikwangwani zinaikidwa, koma mzinda wa anthu opitirira 2 miliyoni umakula msanga kuposa opaka manambala.

Ndiye adiresi imene imagwiradi ntchito ndi ya pakamwa, ndipo ili ndi malamulo ake. Nayi njira yoipangira.

Yambani pamene mlendo sangasochere

Musayambire pa geti lanu n'kumabwerera m'mbuyo. Yambirani pa malo amene kondakita aliyense amawadziwa, ndipo muwatchule ndi dzina limene amakuwa pa chitseko cha basi, osati lolembedwa m'mabuku a khonsolo. Pa msewu wa Great East anthu amatsika pa Manda Hill, pa Arcades, pa UNZA, pa Munali, pa Hybrid. Amenewa ndiwo maina a adiresi yathu. Mukauza azakhali dzina la kamsewu kam'kati limene mwaliona pa mapu a pafoni, kondakita adzangowayang'ana, poti iye sanalimvepo.

Dzina la komboni palokha silikwanira. Kanyama ndi dera la anthu ochuluka kuposa matauni ambiri a m'dziko muno, ndipo Garden ndi Garden House ndi malo awiri otalikirana, wina kumpoto kwa tauni, wina kumadzulo ku msewu wa Mumbwa. Chipata nayo ilipo iwiri, komboni ya mu Lusaka ndi tauni ya kum'mawa, ndipo kwa ife a kum'mawa chisokonezo chimenecho si nthabwala. Tchulani komboni, kenako siteji yotsikira, kenako mbali ya msewu. Ngati m'dera lanu muli misika iwiri kapena masukulu awiri a maina ofanana, nenani kuti ndi uti.

Mutembenuzeni munthu asanayambe kuyenda

Apa ndi pamene ine ndinalakwira, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwira. Kumanja ndi kumanzere zilibe tanthauzo mpaka mutadziwa kumene nkhope ya munthu yaloza. Lusaka ndi wathyathyathya. Ku Blantyre munthu amati "phiri la Ndirande likhale kumbuyo kwanu", ku Chipata mapiri azungulira tauni, koma kuno mulibe phiri kapena mtsinje woti n'kuyang'anako, ndipo mukalowa m'komboni ngakhale nyumba yaitali ya Findeco siioneka. Kum'mawa ndi kumadzulo zimathandiza m'mamawa ndi madzulo okha, masana dzuwa lili pamutu.

Choncho chiganizo choyamba pambuyo pa siteji chikhale chomuimika munthuyo. "Mukatsika, imani msika uli kumbuyo kwanu." Kapena, "Yang'anani kumene basi ikupita." Kapena, "Bwererani ngati mukubwerera ku tauni." Mukatero, kumanja kulikonse kumene mudzatchule pambuyo pake kudzakhala kumanja kwa iye. Ngati pakufunika kuwoloka msewu, nenani, chifukwa munthu akawoloka amatembenuka osazindikira.

Ndipo musalembe kalozerayu muli pampando m'nyumba. Pitani pa siteji, muyende njirayo ngati mlendo, foni ili m'manja, mukulemba chimene mukuona. Mudzadabwa kupeza tinjira tiwiri timene mapazi anu amatidumpha tsiku lililonse osatiwerenga. Mlendo adzatiwerenga.

Sankhani zizindikiro zosasamuka

Pano ndikhalitsapo, poti adiresi yonse yagona pa zizindikiro. Chizindikiro chabwino chimapambana mayeso anayi: sichisuntha, n'chimodzi chokha pamalopo, chimaoneka kuchokera kumene mlendo akuchokera, ndipo anthu a pamenepo amachidziwa ndi dzina lomwelo.

Zosasuntha ndi monga kiliniki, polisi positi, sukulu ya boma, tchalitchi chomangidwa ndi njerwa, thanki yamadzi yam'mwamba, kiyosiki ya madzi, tulansifoma, mulongoti wa netiweki, kamlatho ka pa ngalande, bwalo la mpira, pamene phula lathera. Chigayo ndi chabwino kwambiri, chifukwa chimamveka usanachione ndipo mayi aliyense wa m'deralo amachidziwa. Zosadalirika ndi zimene timazikonda kwambiri: kantemba, buthu ya mobailo mane, mayi wogulitsa makala, mulu wa mchenga, galimoto yakufa imene yakhala pamenepo zaka zitatu. Kantemba akhoza kukagwetsa a khonsolo usiku umodzi. Mabuthu alipo asanu ndi limodzi pa kona imodzi, onse a mitundu yofanana. Wamakala Lamulungu ali ku tchalitchi. Mchenga umatha nyumba ikamangidwa, ndipo galimoto yakufa ija tsiku lina ogula zitsulo amaitenga.

Mtundu wa geti ndi wothandiza pa mapeto pokha, mlendo atafika kale pa mzere wanu. Mageti akuda ndi ochuluka moti kunena "geti lakuda" kuli ngati kunena "nyumba ya denga". Ngati lanu ndi lakuda, pezani china: mtengo wa mapeyala wotulukira pamwamba pa mpanda, thanki yobiriwira, matayala okwiriridwa m'mbali mwa khoma. Kumbukiraninso kuti usiku, makamaka magetsi akathima, mitundu yonse imafanana. Mlendo wofika usiku mupatseni zinthu zimene angazimve kapena kuziwerenga, monga mahampu a pamsewu, kamlatho, pamene galimoto yatsika paphula n'kuyamba kugwedezeka.

Pali mtundu wina wa chizindikiro umene umasokoneza alendo okha: dzina la chinthu chimene chinatha kalekale. M'dera lililonse muli malo otchedwa "pa mukuyu" pamene mkuyuwo unadulidwa, kapena dzina la bala imene tsopano ndi tchalitchi. Maina otere ndi amphamvu pofunsa njira, chifukwa aliyense wa pamenepo amawadziwa, koma maso a mlendo sadzaona kanthu. Musawataye. Alembeni ndi chenjezo: "Anthu amati pa mukuyu, koma mtengowo kulibe, pali shopu ya simenti."

Musachulukitse. Zizindikiro zitatu kapena zinayi ndi zimene munthu wonyamula katundu angasunge m'mutu. Chilichonse chikhale pamene pali chosankha, pa mphambano kapena pokhota. Kutchula saluni iliyonse ya m'njira kumamiza chizindikiro chofunikacho.

Werengani, ndipo nenani chimene mukuwerenga

"Kona yachitatu" ndi mawu oopsa m'komboni. Kodi kanjira ka wilibala kamene kali pakati pa nyumba ziwiri ndi kona? Kwa woyenda pansi inde, kwa dalaivala ayi. Nenani kuti "msewu wachiwiri umene galimoto ingalowe", kapena "kanjira kachitatu, kuwerenga ndi ting'onoting'ono tomwe". Powerenga nyumba werengani mageti kapena zitseko za mbali imodzi, ndipo tchulani mbaliyo. Ndipo chiwerengero chilichonse chimangirireni ku chizindikiro, kuti wina akalakwitsa kuwerenga chizindikirocho chimubweze: "wachiwiri, pamene pali tulansifoma."

Mtunda unenedwe ndi nthawi. "Pafupi" wa munthu wa m'tauni ndi "pafupi" wa munthu wozolowera kuyenda kumunda ndi zinthu ziwiri. Munthu woyenda bwinobwino amatha pafupifupi mamita 400 pa mphindi zisanu. Yezani ndi wotchi tsiku limene mukuyenda njirayo, ndipo ngati wobwerayo ndi wachikulire kapena ali ndi katundu, onjezani.

Ikani chomuuza kuti wapitirira

Ichi ndi chimene makalozera ambiri alibe, ndipo ndi chimene chikanawapulumutsa azakhali anga. Munthu amene sanaone chizindikiro amapitirizabe kuyenda, akuyembekeza kuti chili patsogolo. Mupatseni mpanda: "Mukafika pa bwalo la mpira, mwapitirira, bwererani." Chiganizo chimodzi chimenechi chimasandutsa kusochera kwa ola kukhala kwa mphindi zitatu.

Tchulani dzina limene aneba amakudziwani nalo

Mamita 50 omaliza a adiresi ya m'komboni ndi anthu. Mlendo adzafunsa, ndipo adzafunsa mwana amene akusewera panja kapena mayi amene ali pa mpopi. Iwo dzina la pa chitupa chanu salidziwa. Amadziwa "amake Chisomo", "kwa atelala", "aphunzitsi aja a njinga", kapena dzina la alandilodi ngati mukuchita lendi. Lembani limenelo. Ngati mwangosamukira kumene, dzina la alandilodi ndilo adiresi yanu kwa miyezi ingapo.

Koma samalani ndi amene mukumupatsa gawo limeneli. Wachibale mupatseni zonse. Munthu wosamudziwa amene mwagulitsana naye foni pa intaneti mulozereni pa kiliniki kapena pa polisi positi, mukakumane pamenepo masana.

Tsopano taonani uthenga umene ndinawalembera azakhali ulendo wachiwiri:

"Azakhali, mukakwere basi ya ku Mtendere, mumuuze kondakita kuti mukatsika pa msika. Mukatsika, imani msika uli kumbuyo kwanu, muyende kumanja. Pakatha mphindi zisanu mudzaona chigayo kumanzere. Mupitirire chigayocho, mulowe msewu woyamba wa kumanzere umene galimoto ingalowe, pamene pali tulansifoma. Mukaona bwalo la mpira ndiye kuti mwapitirira. Mukalowa mudzawoloka kamlatho ka simenti. Kuchokera pa kamlathoko werengani mageti a kumanja, lachitatu ndi lathu, pali mtengo wa mapeyala. Mukafunsa, funsani kwa amake Chisomo. Mukafika pa chigayo mundiimbire, nditumize mwana."

Muli poyambira, potembenukira, zizindikiro zitatu za m'njira, mpanda, dzina, ndi malo oimbira foni. Malo oimbirawo ndinasankha chigayo dala. Munthu akaimba n'kunena kuti "ndili pa nyumba ina ya geti lakuda", simungamuthandize. Akaimba ali pa chigayo mukudziwa pamene waima. Ndipo akakuimbirani atasochera, musayambe kumulozeranso. Muuzeni aime, atchule zimene akuona, kapena apereke foni kwa wa pa shopu yapafupi. Mphindi imodzi yolankhula ndi mwini dera imaposa mayunitsi onse amene mungathere pomufunsa mlendo ngati waona tulansifoma.

Wagalimoto mulembereni wake

Uthenga wa azakhali sungagwire ntchito kwa dalaivala wa kanta yobweretsa matumba 30 a simenti. Iye sachokera pa siteji, amachokera pa msewu waukulu, ndiye muyambire pa jankishoni kapena pa maloboti amene amawadziwa, ndipo munene mbali imene akuchokera: "ngati mukuchokera ku tauni pa Alick Nkhata". Akuyenda mofulumira, choncho zizindikiro zake zikhale zazikulu ndi zoonekera patali. Chofunika koposa ndi kumuuza pamene galimoto ithere. Kamlatho kathu kaja kamadutsa takisi koma kanta yodzaza ayi, ndiye ndimalemba kuti "muime pa tulansifoma, kuchokera pamenepo ndi wilibala", ndipo anyamata a wilibala ndimawapezeratu. Mukabisa zimenezi kuti mtengo usakwere, mudzakangana pa kamlatho simenti ili m'galimoto.

Nyengo ya mvula imasintha adiresi. Ku Kanyama ndi madera ena a kumadzulo ndi kummwera kwa tauni, nthaka ndi yathyathyathya ndipo mwala uli pafupi, motero madzi amaima masabata. Njira ya mu Ogasiti si njira ya mu Febuluwale. Khalani ndi makalozera awiri, wachilimwe ndi wadzinja, muwasunge m'foni kuti muzingotumiza.

Wina wachitatu, waufupi kwambiri, mulembe papepala n'kumata kuseri kwa chitseko: komboni, chizindikiro chachikulu chapafupi, pamene galimoto imafika. Tsiku la moto kapena la matenda a usiku mutu sugwira, ndipo woimba foni akhoza kukhala mwana. Mukaimba, tumizani munthu ndi tochi akaime pa chizindikirocho.

Nanga pini ya pafoni?

Itumizeni, koma pamodzi ndi mawu. Pa WhatsApp, mukasankha Location, foni imaonetsa kuti yalondola mpaka mamita angati. M'nyumba ya malata nambalayo imakhala yaikulu, ndipo mamita 40 m'komboni ndi nyumba zingapo, mwinanso mzere wakuseri umene khomo lake lili kutali. Tulukani panja, muime pa geti, mudikire nambalayo itsike kufika pa 10 kapena kucheperapo, ndiye mutumize. Kwa wagalimoto tumizani pini ya pamene ayenera kuima, osati ya chitseko chanu, chifukwa mapu amaona kanjira ka wilibala ngati msewu, ndipo sadziwa za ngalande.

Mukafuna chinthu cholembeka pa fomu kapena chotumizika pa uthenga wamba, tsegulani Google Maps, mudine pamalopo osachotsa chala mpaka pini itagwa. Mudzaona manambala awiri ndi Plus Code, imene ndi zilembo zosakaniza ndi manambala zolozera malowo. Manambala a pakati pa tauni ya Lusaka amaoneka motere:

```
-15.41, 28.28
```

Kamzere ka kutsogoloko kamatanthauza kummwera kwa ikweta. Mukakasiya pokopera, mwamutumiza munthu ku Sudan. Plus Code yathunthu ya mu Lusaka imayamba ndi `5GPC`, ndipo ya zilembo khumi imaloza kabwalo ka pafupifupi mamita 14 mbali zonse, kokwanira geti limodzi kapena awiri. Foni kawirikawiri imaonetsa yaifupi, yopanda zilembo zinayi zoyambazo, ndiye polemba muziwonjezera dzina la Lusaka pambuyo pake.

Chomaliza ndi kuyesa. Perekani uthengawo kwa munthu amene sanafikepo kwanu, wa kuntchito kapena wa ku tchalitchi, abwere osakuimbirani, kenako mumufunse pamene anaima n'kukayika. Mnzanga amene anayesa wanga anaima pa chigayo, chifukwa pali kanjira kena kolowera kumanzere chigayocho usanachipitirire, kamene ine sindinkakaona n'komwe. Mawu oti "mupitirire chigayocho" ndinawaonjezera tsiku limenelo.